Kulumikiza ofesi ya ku Chipata ku klaudi: muyambe ndi VPN kapena mugule laini yanuyanu?

Funso ili landipeza kambiri chaka chino moti ndaona kuti bola ndilembe kamodzi bwinobwino. Kampani yasamutsa sisitimu ya maakaunti ndi ya sitoko kuchoka pa seva ija inali kuseri kwa kabati ya mafailo, yaiika pa klaudi, ndiye manje ofesi ifunika njira yofikira kumeneko yoti anthu akunja asaone zomwe zikudutsa. Njira zilipo ziwiri. Ina ndi thanelo ya VPN, yomwe imakwera pa intaneti imene muli nayo kale koma deta yonse imakhala yokhoma ndi kiyi. Ina ndi laini yanuyanu yosadutsa pa intaneti ya anthu onse, ku AWS, klaudi ya Amazon, amaitcha Direct Connect, ku Azure ndi ExpressRoute, ku Google ndi Cloud Interconnect. Ine ndikamba za AWS chifukwa ndi yomwe ndaigwira kwambiri, koma maganizo ake ndi omwewo kulikonse.

Chitsanzo chomwe nditsate ndi cha kampani ina yogula soya, nshawa ndi chimanga, ofesi yaikulu ili muno mtauni, madepoti ku Katete ndi ku Lundazi, anthu ogwira pa kompyuta ali ngati 25. Abwana ake atandiitana anali atapanga kale maganizo, akuti "amwene tifuna ija ya dairekiti, ija yosadutsa pa intaneti, chifukwa sisitimu ikuchedwa ndipo alimi akuima pa mzere kudikira lisiti". Ndinawapempha kuti andipatse sabata imodzi chabe ndipime kaye tisanasaine kalikonse.

Muyambe mwadziwa komwe laini yanuyanuyo imayambira

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka ndiye ndikhalapo pang'ono. Direct Connect sikuti AWS ikumba ngalande kubwera pa geti ya ofesi yanu ku Kapata ayi. Iwo ali ndi malo ochepa pomwe marauta awo amakumana ndi a makasitomala, ndipo kwa ife malo omwe timayang'anako ndi nyumba za maseva za Teraco ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Dera la AWS lapafupi nafe ndi la ku Cape Town, lija limalembedwa af-south-1, linatsegulidwa mu 2020. Azure ili ndi lake ku Johannesburg kuyambira 2019. Ndiye chomwe mukugula kwa AWS ndi khomo chabe, lili ku Joni. Msewu wochoka ku Chipata kukafika pa khomolo mugula kwa kampani ina ya mafaiba, ndipo msewu umenewo ndi umene uli ndi ndalama zambiri.

Ganizani mtunda wake. Chipata kufika Lusaka ndi makilomita ngati 570, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba, buliji ya Luangwa. Lusaka kufika Joni ndi ena ngati 1,600, kenako Joni kufika Cape Town ena ngati 1,400. Kuwala mkati mwa faiba kumathamanga makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi, ndiye kupita ndi kubwera ndi milisekondi imodzi pa makilomita 100 alionse. Mukaphatikiza mupeza kuti olo mutalipira ndalama zingati, paketi singapite ku Cape Town n'kubwerera pansi pa mamilisekondi ngati 36, ndipo m'zoona imaposa pamenepo chifukwa faiba siyenda molunjika komanso pali marauta panjira. Laini yanuyanu sifupikitsa mtunda. Chomwe imakupatsani ndi chakuti nambala yomwe mwapeza m'mawa ndi yomwenso mupeze masana, osati kudumphadumpha, komanso sipidi yomwe munagula ndi yanu nokha.

Pimani kwa sabata yathunthu

Yatsani kaseva kakang'ono kwambiri ku af-south-1, mu Security Group yake, ndiyo fayawolo ya kasevako, lolani ICMP, imene ping imagwiritsa ntchito, kuchokera ku adiresi ya ofesi yanu, kenako pa kompyuta yolumikizidwa ndi kebulo, osati ya wayifayi, lembani izi, muike adiresi ya kaseva kanu m'malo mwa iyi:

```
ping -n 600 203.0.113.25
```

Izi zitenga maminitsi ngati 10. Chitani m'mawa pa 08:00, masana pa 13:00, ndi pa 16:00 pomwe aliyense akutseka mabuku, tsiku lililonse, ndipo musaiwale tsiku lomwe malaiti apita komanso la mvula ngati ndi nthawi yake. Kumapeto imakupatsani Minimum, Maximum, Average ndi Lost. Ambiri amangoona Average n'kutseka, koma nkhani ili pa kusiyana kwa Minimum ndi Maximum ndi pa Lost. Mukaona 70, 72, 69, 74 mzere wonse, intaneti yanu ili bwino ndipo VPN idzayenda bwino. Mukaona 70 kenako 400 kenako Request timed out, pali vuto, koma musanaloze chala kunja pangani ping ina nthawi yomweyo kupita ku rauta yoyamba ya kampani ya intaneti, yomwe tracert ikuonetsani pa mzere wachiwiri kapena wachitatu. Ngati kudumphadumpha kukuyambira pomwepo ndiye kuti vuto lili muno mu Chipata, mwina pa kebulo yolowa mu ofesi, mwina laini yadzaza.

Pa kampani ija ndi zomwe tinapeza. Usiku nambala inali bata cha m'ma 70. Ikangokwana 09:00 imakwera mpaka mazana, ndipo titayang'ana pa rauta tinaona kuti laini ya mamega 20 yadzaza ndi mafoni a antchito ndi a alendo pa wayifayi yomweyo, kuphatikiza kompyuta imodzi yomwe inali kutumiza zithunzi za makamera kunja tsiku lonse. Titagawa wayifayi ya mafoni payokha n'kuiikira malire a mamega 5, theka la dandaulo linatha tisanagule chilichonse.

Theka linalo linali la sisitimu yeniyeniyo, ndipo ili ndifuna mulimvetse chifukwa laini iliyonse silingalichiritse. Pulogalamu yawo ndi ija yakale yoika pa kompyuta iliyonse, yomwe imakamba mwachindunji ndi detabesi. Mayi a ku maakaunti akadina kutsegula invoisi imodzi, pulogalamu imafunsa detabesi mafunso ang'onoang'ono mwina 200 motsatana, lililonse kudikira linzake liyankhidwe. Seva ili mu ofesi funso limodzi limatenga milisekondi imodzi, munthu osazindikira n'komwe. Manje seva ili ku Cape Town, 200 kuchulukitsa ndi 70 ndi masekondi 14, mayi aja atagwira mausi kuyang'ana kachizungulire pa sikirini, mlimi ali pa windo ndi chipepala cha sikelo m'manja. Mutagula laini yanuyanu n'kutsitsa 70 kufika 55, mwachoka pa masekondi 14 kufika pa 11. Mankhwala ake ndi kuika pulogalamuyo pa seva ina pafupi ndi detabesi konko ku klaudi, anthu azilowa ndi Remote Desktop, kuti chodutsa mtunda wautaliwo chikhale chithunzi cha sikirini chabe.

Konzani maadiresi musanamange thanelo

Marauta ambiri akachoka m'bokosi amapatsa 192.168.1.0/24 kapena 192.168.0.0/24, ndipo pa kampani ija ofesi ya Chipata, depoti ya Katete ndi ya Lundazi zonse zinali pa 192.168.1.0/24 yomweyo. Klaudi singadziwe kuti yankho lipite kwa ndani. Ndi ngati nyumba zitatu za nambala ya puloti imodzi. Ife tinapatsa Chipata 10.1.0.0/24, Katete 10.2.0.0/24, Lundazi 10.3.0.0/24, ndipo VPC, ndiyo netiweki yathuyathu ya ku klaudi, 10.20.0.0/16. Ganizani bwino za VPC chifukwa mukaipanga, gawo lake loyamba la maadiresi silisinthika, mungangoonjezera lina. Ntchito yosintha maadiresi mu ofesi muichite Loweruka masana, ndipo muyembekeze kuti maprinta ndi makamera omwe wina anawalembera adiresi pamanja asowa mpaka muwapeze limodzilimodzi.

Kenako yang'anani adiresi yomwe rauta yanu yapatsidwa kumbali ya WAN. Ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, muli kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti mukugawana adiresi imodzi yakunja ndi makasitomala ena ambirimbiri, zomwe zimachitika kwambiri pa intaneti ya simu khadi ndi pa mapulani wamba a satelaiti. VPN ya AWS mwa njira yake yachizolowezi imafuna adiresi yakunja yosasintha. Imbirani kampani yanu ya intaneti mupemphe adiresi ya IP yanuyanu yokhazikika, ambiri amaipereka pa mapulani a bizinesi ndi kandalama koonjezera pamwezi. Ikakanika pali njira yogwiritsa ntchito satifiketi m'malo mwa adiresi, koma ndi ntchito yochulukirapo, ine ndimayamba ndalimbikira kupeza adiresiyo.

Kumanga VPN yeniyeniyo

Ku AWS mupanga zinthu zitatu. Customer gateway ndi dzina chabe loimira rauta yanu, mumalembapo adiresi yakunja ija ndi nambala ya ASN yomwe marauta amadziwira netiweki yanu, sankhani ina iliyonse pakati pa 64512 ndi 65534, ife tinatenga 65010. Virtual private gateway ndi khomo la mbali ya AWS, mumalimata ku VPC yanu, ndipo mukapanda kusintha limatenga 64512, ndiye inu musatengenso yomweyo. Chachitatu ndi Site-to-Site VPN connection yomanga ziwirizo pamodzi. Ikufunsani ngati mufuna Static kapena Dynamic. Tengani Dynamic, ndiyo BGP, njira yomwe marauta amauzirana okha misewu, olo ikuoneka yoopsa poyamba, chifukwa ndi imene imachititsa kuti njira imodzi ikafa marauta asamukire pa ina okha popanda munthu kuthamanga kuchoka ku Mchini usiku kukasintha pamanja.

Mukatha dinani Download configuration, mupeza failo yokhala ndi zonse, maadiresi awiri akunja a AWS, makiyi awiri achinsinsi, ndi timaadiresi ta mkati mwa thanelo toyamba ndi 169.254. Ndi awiriawiri chifukwa kulumikiza kumodzi kumabwera ndi mathanelo awiri othera pa zipangizo zosiyana. Mangani onse awiri chonde. AWS nthawi zina imatsitsa thanelo imodzi kuti ikonze mbali yake, ndipo amene anamanga imodzi yokha tsiku limenelo amakhala pansi osadziwa chachitika n'chiyani. Failo imeneyi musaitumize pa gulupu ya pa foni, muli makiyi a nyumba yonse.

Pa fayawolo yanu tsegulani UDP 500 ndi UDP 4500 kupita ku maadiresi awiri aja, komanso ESP yomwe ndi purotokolo nambala 50. Sankhani IKEv2. Mbali yanu ndi imene imayambitsa kukambirana pokhapokha mutasintha, ndiye rauta yanu isakhale yongodikira. Ngati muli ndi rauta ya MikroTik ngati ambiri kuno, onani ngati zagwirana ndi:

```
/ip ipsec active-peers print
```

Mufuna kuona established pa onse awiri. Ikakana, kawirikawiri ndi kiyi yomwe inakopedwa ndi kampata kumapeto, kapena mbali ziwirizi sizinagwirizane pa mtundu wa kukhoma. Ikagwira koma ping osadutsa, pitani ku Route table ya VPC muyatse Route propagation, muonenso Security Group ya seva ngati ikulola 10.1.0.0/24, ndipo pa rauta yanu onetsetsani kuti zopita ku 10.20.0.0/16 sizikulowa mu NAT ngati zopita ku intaneti wamba. Zitatu izi ndi zomwe zimadya masana a anthu ambiri.

Thanelo imodzi yachizolowezi imanyamula mpaka 1.25 Gbps. Ofesi ya kuno ya mamega 20 kapena 50 siidzafika pamenepo, malire anu ndi laini yanu ndi mphamvu ya rauta yanu pa kukhoma, ndiye pogula rauta onani kuti ili ndi chipu yothandiza IPsec, ndiko kukhoma komwe thanelo imagwiritsa ntchito.

Vuto lomwe limabisala, kukula kwa paketi

Ili ndi lomwe linativutitsa Lolemba loyamba. Thanelo yaimirira, ping ikuyankha, tsamba lolowera likutseguka, koma mayi a ku maakaunti akafuna kukoka lipoti lalikulu zimangoima pakati osapereka olo uthenga wa vuto. Chimachitika ndi ichi. Paketi wamba imafika mabaiti 1500. IPsec imaivekanso chikuto chake pamwamba, ndiye paketi yodzaza ikavala chikutocho siikwananso pa msewu ndipo imatayidwa mwakachetechete. Timapaketi tating'ono ngati ta ping timadutsa bwino, n'chifukwa chake zonse zimaoneka ngati zili bwino. Kuyesa kwake pa Windows:

```
ping -f -l 1472 10.20.1.15
ping -f -l 1400 10.20.1.15
ping -f -l 1372 10.20.1.15
```

Tsikani pang'onopang'ono mpaka mupeze nambala yaikulu yomwe ikuyankha. Onjezani 28 pa nambalayo, imeneyo ndi MTU ya njira yanu, kukula kwa paketi yaikulu yomwe ingadutse. Chotsani 40 pa MTU, mwapeza MSS, deta yomwe imakwana mkati mwa paketiyo. AWS imalola mpaka 1446 mu thanelo, koma ngati laini yanu ndi ya PPPoE kapena ikudutsa mu NAT imatsika. Ife tinakhazikika pa MTU ya 1400 kuti pakhale kampata, ndiye MSS 1360:

```
/ip firewall mangle add chain=forward protocol=tcp tcp-flags=syn \
  dst-address=10.20.0.0/16 tcp-mss=1361-65535 \
  action=change-mss new-mss=1360
```

Pangani inanso yofanana ya mbali yobwerera, src-address m'malo mwa dst-address. Lipoti lija linatsika nthawi yomweyo, mayi aja anangoti "basi mwana wanga, pita ukadye nsima".

Laini yachiwiri ndi malaiti

Mathanelo awiri aja onse amakwera pa laini imodzi ya ofesi yanu. Anthu okonza msewu akadula faiba penapake pakati pa Nyimba ndi Luangwa, onse awiri afa pamodzi. Ndiye ndalama yoyamba yoonjezera ipite pa intaneti yachiwiri ya kampani ina, ndipo mufunse mosabisa kuti faiba yawo yopita ku Lusaka imadutsa kuti, chifukwa makampani amabwerekana mafaiba ndipo mungalipire mabilu awiri pa chingwe chimodzi. Satelaiti imathandiza apa chifukwa siidalira msewu wa Great East konse, Starlink inayamba kugwira ntchito mu Zambia mu 2023, bola muthane ndi nkhani ya adiresi ija. Laini yachiwiri imafuna Customer gateway yake ndi VPN connection yake, ndipo pa BGP mumaonetsa kuti njira yachiwiri ndi yaitali pobwereza ASN yanu kawiri kapena katatu, kuti AWS izisankha yoyamba pomwe ili moyo. Mukapanda kutero deta imapita ndi njira ina n'kubwera ndi ina, fayawolo n'kumaitaya chifukwa siikuidziwa.

Za malaiti aliyense amene anali kuno mu 2024 madzi atachepa ku Kariba akudziwa. Rauta, switchi ndi kabokosi ka faiba ziikeni pa invata ndi batire yawoyawo yosagawana ndi ketulo kapena printa, zimadya pang'ono moti batire imodzi yabwino imazisunga maola ambiri. Jenereta ikamayaka pamakhala kamphindi kopanda magetsi, rauta imazima n'kuyambanso, thanelo ndi BGP zimatenga nthawi kuti zigwirane, ndipo aliyense amene anali pakati pa lisiti amatayidwa kunja.

Manje werengani ndalama

VPN connection imodzi ku AWS imalipiritsidwa pa ola, mtengo wodziwika ndi masenti 5 a dola, ndiye pamwezi ndi madola ngati 36, ziwiri ndi ngati 73. Onani tsamba la mitengo la dera lanu chifukwa zimasiyanako. Pamwamba pake mumalipira deta yotuluka mu klaudi kubwera kwa inu pa gigabaiti, yolowa ndi yaulere.

Direct Connect ili mitundu iwiri. Dedicated connection ndi poti yathunthu ya 1, 10, 100 kapena 400 Gbps, imene ndi ya mabanki ndi makampani a mafoni. Hosted connection ndi kagawo komwe kampani yogwirizana ndi AWS imakudulirani pa poti yake, kuyambira mamega 50. Poti ya mamega 50 ku mbali ya AWS ndi masenti 3 pa ola, madola ngati 22 pamwezi, ndipo apa ndi pomwe abwana anamwetulira nati "aa, ndiye yotchipa kuposa VPN". Koma lija ndi khomo la ku Joni chabe. Kotesheni ya msewu wochoka ku Chipata kukafika kumeneko ndi imene imakhala yolemera, imabwera ndi ndalama yoikira, ndi kontirakiti ya chaka kapena kuposa, nthawi zambiri m'madola pomwe inu mumagulitsa soya m'makwacha. Kudikira kwake ndi masabata kapena miyezi, pomwe VPN mumaimika tsiku limodzi.

Ogulitsa akuuzani kuti deta yotuluka ndi yotchipa pa Direct Connect, ndipo ndi zoona. Koma chulukitsani nokha. Tinene kuti mukupulumutsa masenti 5 pa gigabaiti, ofesi yokoka magigabaiti 300 pamwezi yapulumutsa madola 15. Phindu limeneli limayamba kumveka pa materabaiti ambiri.

Ndiye laini yanuyanu ndi ya ndani? Ine ndimaivomereza pomwe mwapima ndipo kudumphadumpha kuli kutsogolo kwa Lusaka, komwe inu ndi kampani yanu ya intaneti mulibe mphamvu, ndipo ntchito yanu siipirira zimenezo, monga malipiro a pompopompo kapena mafoni a makasitomala odutsa pa netiweki. Kapena mukusuntha deta yaikulu usiku uliwonse, magigabaiti 50 pa mamega 20 amatenga maola asanu ndi theka laini ili yokhayokha, ndiye mukafika pa mazana usiku sukwana. Kapena amene amakuyang'anirani alemba kuti deta isadutse pa intaneti ya onse. Pa nkhani ya malamulo, lamulo loteteza deta ya anthu la 2021 lili ndi mawu pa zosunga deta ya anthu kunja kwa Zambia, ndipo ngati muli ndi manambala a marejisi ndi a mafoni a alimi masauzande, khalani pansi ndi loya wanu musanasankhe dera. Laini yanuyanu siisintha komwe deta yagona.

Ngati mwaganiza zogula ndithu

Pemphani makotesheni a Hosted connection kwa makampani osachepera awiri, ndipo awalembe kuchokera pa adiresi ya ofesi yanu mpaka pa poti ya AWS, osati kuchokera ku Lusaka. Afunseni njira ya faiba, kuti ikaduka amakonza m'maola angati ndipo amisiri awo amakhala ku Chipata kapena amachokera ku Lusaka. Akalonjeza 99.5 pa 100, dziwani kuti alola okha maola opitirira atatu ndi theka pamwezi opanda laini.

Akamaliza, kulumikizako kumaonekera pa tsamba la Direct Connect mu akaunti yanu ndipo mumadina Accept. Kenako mumapanga Private virtual interface, ndipo Hosted connection imodzi imalola imodzi chabe. Nambala ya VLAN, yozindikiritsa kagawo kanu pa poti yawo, imachokera kwa kampaniyo, inu mumaika ASN yanu, mumatenga kiyi ya BGP ndi timaadiresi tiwiri ta pakati, n'kuimata ku Virtual private gateway yomwe ija kapena ku Direct Connect gateway. Apa palibe za Static, BGP ndi yokakamiza, ndipo rauta yanu ikhale yodziwa VLAN. Yatsani BFD kumbali yanu kuti laini ikaduka rauta izindikire mkati mwa sekondi m'malo modikira BGP itope yokha.

Chinthu chomwe ambiri sadziwa, Direct Connect payokha siikhoma deta. Ndi yapayokha inde, koma zomwe zikudutsamo zili poyera kwa aliyense amene angafike pa zipangizo za panjira, ndipo pakati pa Chipata ndi Joni zadutsa m'manja mwa makampani angapo ndi m'maiko ena. MACsec, yokhoma deta pa laini yomweyo, ilipo koma ndi ya mapoti akuluakulu aja. Ndiye ngati muli zamalipiro kapena za anthu, mumangabe IPsec pamwamba pake kapena muonetsetse kuti pulogalamu iliyonse ikukhoma yokha ndi TLS.

VPN ija musaigwetse. Isiyeni ikhale ya bakapu. Pa Virtual private gateway, njira ziwiri zikalengeza gawo la maadiresi lofanana ndendende, AWS imasankha Direct Connect patsogolo pa VPN yokha. Koma samalani, gawo laling'ono limapambana nthawi zonse, ndiye mukalengeza 10.1.0.0/16 pa laini yodula ija koma 10.1.0.0/24 pa VPN, mayankho onse azibwera pa VPN inu mukulipira laini yopanda kanthu. Lengezani zofanana mbali zonse, ndipo pa rauta yanu ikani kuti zopita ku klaudi zizikonda laini yanuyanu.

Zulani kebulo muone

Kaya mwathera pa ma VPN awiri ngati kampani ija, yomwe mpaka lero ili pa faiba ndi satelaiti ndipo sinagule Direct Connect, kaya mwagula, sitepe yomaliza ndi imodzi. Loweruka masana anthu atapita, yatsani izi pa kompyuta imodzi:

```
ping -t 10.20.1.15
```

Pitani ku kabati muzule kebulo ya laini yoyamba ndi dzanja, osati kuizimitsa pa sikirini. Werengani mizere ya Request timed out mpaka mayankho abwerere. Pa VPN ya BGP yembekezani cha m'ma theka la miniti, pa Direct Connect ya BFD ndi masekondi ochepa. Mayankho akapanda kubwerera konse, onani ngati BGP ya laini yachiwiri inali established musanazule, ndi ngati rauta ili ndi njira yofikira maadiresi akunja a AWS kudzera pa laini yachiwiriyo, chifukwa kawirikawiri thanelo ya bakapu imapezeka kuti inali kukwera pa laini yoyamba yomweyo. Bwezerani kebulo, muone ndi tracert kuti deta yabwerera ku njira yoyamba. Kenako gwetsani switchi yaikulu ya malaiti a ofesi, ping ikhale pa laputopu yomata ndi kebulo, muone ngati pataika olo mzere umodzi pomwe jenereta ikuyaka. Lembani tsiku ndi masekondi omwe mwapeza pa kapepala mumate mkati mwa chitseko cha kabati, ndipo mubwerezenso mu Epulo sizoni yogula mbewu isanayambe.